Mowa wa 0.0%, wa 0.5% ndi wa 1.2%: ndani angamwe uti?

Botolo lolembedwa kuti mulibe mowa silikhala lopandiratu mowa nthawi zonse. Musakhulupirire mawu akuluakulu apatsogolo. Yang'anani nambala ya peresenti.

Wa 0.0% ndiye wotsika kwambiri, kawirikawiri sudutsa 0.05%. Wa 0.5% ndi wina. Amaufulula ngati mowa wamba kenako n'kuchotsamo ukali, koma kenakake kamatsalira. M'botolo la mamililita 330 mumakhala pafupifupi magalamu 1.3 a mowa weniweni, pamene botolo lomwelo la 5% lili ndi magalamu 13. Ndiye kuti mabotolo 10 a 0.5% ndiwo afanane ndi limodzi. Munthu wamkulu wathanzi saledzera nawo, poti chiwindi chimauphwanya msanga usanachuluke m'magazi.

Wa 1.2%, womwe ku Britain amautcha mowa wochepa mphamvu, ndi mowa ndithu. Mabotolo anayi akufika pafupi ndi limodzi la 5%, choncho woyendetsa galimoto asaupeputse.

Mayi woyembekezera apewe wa 0.5% ndi wa 1.2%, chifukwa palibe mlingo wa mowa wodziwika kuti sungavulaze mwana m'mimba. Chimodzimodzi wodwala chiwindi, komanso amene akumwa metronidazole, yemwe ambiri timamudziwa kuti Flagyl: akhoza kuchita nseru, kusanza ndi kuthamanga mtima.

Amene akulimbana ndi kusiya uchidakwa, ngakhale wa 0.0% ndi msampha. Vuto si peresenti ayi, koma fungo, thovu ndi kulira kwa chitsekerero, zomwe zimadzutsa chibaba chakale. Ana nawo asapatsidwe, angazolowere kukoma kwa mowa.