Mmisiri wotseka mipata ku Rosettenville: galasi anandiswera, koma denga analidziwa

Ndikupereka nyenyezi zitatu pa zisanu kwa mmisiri uja wotseka mipata yolowetsa mphepo m'nyumba, amene anthu akumutchula kwambiri pagulu lathu la Amalawi a kum'mwera kwa Joni. Dzina lake sinditchula, amene mukumudziwa mwamudziwa kale. Mtengo unali R600, zipangizo mugula nokha. Sabata yoyamba ndikanamupatsa nyenyezi imodzi, ndipo chifukwa chake ndi windo la kuchipinda.

Ndimakhala m'kanyumba kakuseri ka zipinda ziwiri, kamalata, kopanda siling'i, mawindo ake achitsulo akale aja amene adzaza ku Rosettenville ndi ku Turffontein. Mu Juni ndi Julayi kuno usiku kumazizira mpaka madzi kuuma m'beseni la panja, ndipo hita yanga ya mawati 2000 imadya mayunitsi awiri pa ola. Inkayaka usiku wonse koma mapazi osafunda.

Bamboyu anafika masana atalonjeza m'mawa, osapepesa. Anatenga siponji yomata ija yokhuthala mamilimita 10 n'kuzunguliza windo lonse. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, imeneyi siyakula?" Iye anati, "Mayi, ikakula m'pamene imagwira bwino." Windo linakana kutsekeka. M'malo moti aime, analikoka ndi manja awiri, n'kukanikiza chogwirira ndi mphamvu. Ndinamva kuti thee! Galasi la m'munsi linang'aluka kuchokera pakona mpaka pakati. Chinandipweteka kwambiri si galasilo ayi, koma zimene ananena, zoti linali losweka kale. Windo limenelo ndimalipukuta ndekha, ndikulidziwa. Ndipo landilodi sakanafunsa mmisiri, akanadula ndalama yanga ya dipoziti.

Chimene chinachitika n'chosavuta kumva. Windo lachitsulo likakalamba limapindika pang'ono, choncho mpata wake sufanana mbali zonse. Kumbali ya mahinjesi umakhala wochepa, kumbali ya chogwirira waukulu. Mukaika siponji yokhuthala kumahinjesi, windo limayamba kugunda pamenepo mbali inayo isanafike. Mukalikakamiza, felemu imapotoka, ndipo galasi lomwe lagwidwa ndi phala louma la zaka zambiri silingapotoke nayo. Limasweka. Ngakhale lisasweke, mpata wa kuchogwirira umakula kuposa kale, ndiye mwalipira ndalama kuti mphepo izilowa bwino.

Anabweranso Loweruka ndi galasi latsopano logula ndi ndalama zake. Sananene kuti pepani, ndipo zimenezo ndikuzisungabe. Koma ulendo uno anagwira ntchito ngati munthu wodziwa. Anachotsa siponji yonse, napala dzimbiri, napukuta felemu ndi sipiliti chifukwa guluu sagwira pafumbi. Kenako anaumba timibulu ta phala lomatira galasi, natikulunga m'kapepala ka pulasitiki, natiika m'makona, n'kutseka windo. Atatsegula, kukhuthala kwa timibulu tophwanyikato kunasonyeza mpata weniweni: mamilimita 2 kumahinjesi, 5 kuchogwirira. Anaika siponji ya mamilimita 3 uku, ya 6 uko. Pomaliza anapanikiza pepala pawindo n'kulikoka. Pamene pepala likukana kutuluka, pagwira. Pamene likusololoka lokha, mphepo idutsanso pomwepo. Ndimadzifunsabe kuti n'chifukwa chiyani sanachite zimenezi tsiku loyamba.

Mtima wanga unatsika chifukwa cha denga. Ine ndinamuitanira chitseko, chifukwa m'pamene ndimamva mphepo ikudutsa m'miyendo. Iye anayatsa hita, natseka zonse, nayatsa koilo ya udzudzu. Pansi pa chitseko utsi unkathawira m'kati mwa nyumba. Atakwera pampando n'kuika koiloyo pamene khoma limakumana ndi malata, utsi unkatuluka panja mothamanga. Anandiuza kuti, "Mayi, hita yanu ikufunditsa mbalame." Njerwa zotseka pakati pa khoma ndi denga, zija amati bimufilingi, zinali zitagumuka malo ena, ndipo pansi pa mafunde a malata kuwala kumaoneka ndithu.

Nyumba yotereyi imagwira ntchito ngati chumuni. Mpweya wofunda ndi wopepuka, umakwera n'kutulukira pamwamba. Umene watulukawo uyenera kulowedwa m'malo, ndiye nyumba imakoka wozizira kudzera m'mipata ya m'munsi. Hita ikatentha kwambiri, kukokako kumakulanso. Mpata wa pansi pa chitseko changa unali sentimita imodzi m'litali mwa masentimita 80. Ukuoneka wochepa, koma ndi chimodzimodzi bowo la masentimita 9 mbali zonse lotseguka usiku wonse. Mukatseka chitseko chokha, mphepo imangopeza pena polowera, chifukwa chimene chikuikoka chikadali pamwamba paja. Komanso mpweya woyenda umachotsa kutentha pakhungu msanga kuposa wokhazikika. N'chifukwa chake munthu umazizidwa kumapazi pamene kumutu kukutentha.

Mabowo aakulu anawatseka ndi zidutswa za njerwa ndi simenti. Pansi pa mafunde a malata anapopera thovu la m'chitini lija, pang'onopang'ono chifukwa limafufuma. Litauma analidula ndi mpeni, n'kupaka penti mbali yoonekera panja, poti dzuwa limalifumbutsa likakhala lamaliseche. Pachitseko anakhoma kachitsulo kokhala ndi labala kunsi. Mng'alu wa pakati pa felemu ndi khoma anamata ndi akiriliki osati silikoni, chifukwa silikoni sagwira penti ndipo landilodi akanadandaula.

Pali chinthu chimodzi chimene anakana, ndipo ndimamulemekeza nacho. Mnzanga wa khomo loyandikana anamupempha kuti amutsekere njerwa zamabowo zija za pamwamba pa khoma. Iye amawotha hita ya palafini, ndipo magetsi akathima amalowetsa mbaula. Mmisiri anamuuza kuti, "Achemwali, zimenezi sindingagwire, ngakhale mundiwonjezere ndalama." Makala ndi palafini zikamayaka m'nyumba yotsekeka zimatulutsa mpweya wapoizoni wa kaboni monokusaidi. Suoneka, sununkha, umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Zanga nazonso anazisiya zotsegula. Mipata yongochitika mwangozi ndi imene imatsekedwa, osati mabowo amene womanga anaika dala.

Panopa hita ndimayatsa madzulo n'kuzimitsa pogona, chipinda n'kukhalabe chofunda mpaka pakati pa usiku. Mphepo ya mu Ogasiti itayamba, fumbi lija lochokera kumilu ya migodi silinadzazenso pabedi ngati chaka chatha, ndipo phokoso la matekisi lachepa. Kumbukirani kuti kutseka mipata sikusintha malata. Akadali ozizira, ndipo m'bandakucha kuzizira kumatsikabe kuchokera kudenga, zimenezo zimafuna siling'i. Chinanso, m'mawa magalasi amachita thukuta kuposa kale chifukwa nthunzi ya kuphika ndi kupuma kwathu sikuthawanso. Ndimatsegula windo kwa mphindi khumi dzuwa likatuluka kuti nkhungu isamere m'makona, ndipo zovala sindiyanikanso m'nyumba.

Mukamuitana, siponji musagule asanayeze mpata pamaso panu, ndipo mumuuze ayambe kudenga. Ndalama mupereke akamaliza kukoka pepala pawindo lililonse.