Tsiku limene mphwanga anandiseka chifukwa cha 7:30

Nditamaliza mpikisano wanga woyamba wa makilomita 10 kuno ku Amereka, ndinajambula zotsatira n'kutumizira mphwanga ku Kasungu. Panali nambala yakuti 7:30. Iye amathamanga m'mamawa m'mphepete mwa msewu wa M1 ndipo foni yake imamupatsa 4:50. Yankho lake silinachedwe: "Achimwene, ndiye mumathamanga kapena mumapita kumaliro?"

Chimene sanadziwe n'chakuti kuno, ngakhale mpikisano ukhale wa makilomita, zikwangwani za m'njira komanso liwiro amawerengera m'mamailo. 7:30 yanga inali mphindi 7 ndi masekondi 30 pa mailo imodzi, 4:50 yake mphindi 4 ndi masekondi 50 pa kilomita. Mailo imodzi ndi makilomita 1.609, choncho nthawi ya pa mailo iyenera kukhala yayikulupo.

Ndinamuuza kuti achulukitse nambala yake ndi 1.609. Anatenga foni, analemba 4.50, ndipo inatuluka 7.24. Anasekanso, ati basi wandiposabe. Apa ndi pamene ambiri timagwera. Mphindi ili ndi masekondi 60, osati 100, ndiye 4:50 si 4.50. Yambani mwasandutsa zonse kukhala masekondi. Mphindi 4 ndi masekondi 240, kuphatikiza 50, akwana 290. Tsopano 290 kuchulukitsa ndi 1.609 tipeza pafupifupi 467, ndipo tikabwezera m'mphindi ndi 7:47 pa mailo. Kuiwala zimenezi kunamupatsa masekondi 23 aulere pa mailo iliyonse.

Sanakhulupirire, ndiye tinayesa ndi nthawi yonse ya mpikisano, imene sinama. Makilomita 10 pa 4:50 ndi mphindi 48 ndi masekondi 20. Mtunda womwewo ndi mamailo 6.21. Mukaika 7:47 mubwerera cha pa mphindi 48 pomwepo, koma mukaika 7:24 mupeza pafupifupi mphindi 46, nthawi imene iye sanaifikepo chibadwire.

Yanga tinaitembenuza pogawa. 7:30 ndi masekondi 450, ndipo kugawa ndi 1.609 ndi pafupifupi 280, kutanthauza 4:40 pa kilomita. Foni inakhala chete kwakanthawi ndithu.

Komabe sindinadzitame kwambiri, ndipo kunena zoona sindikudziwa ngati ndingamusiye titakumana. Masamuwa amangosintha muyeso basi. Sadziwa kuti ine ndinathamanga pa tala wosalala, kunja kukuzizira, anthu akundipatsa madzi m'njira, pamene mnyamatayo amathamanga pamalo okwera ngati Kasungu, dzuwa la Okutobala litatuluka kale, akupatukira njinga za kabaza. Mtunda wanganso unayezedwa ndi okonza mpikisano, wake ndi foni imene nthawi zina imadula makona.

Pano mumutu mwanga ndimangosunga kuti 5:00 pa kilomita ndi 8:03 pa mailo, ndipo masekondi 10 alionse pa kilomita ndi 16 pa mailo. Mphwanga wati tikaonerana pa Disembala, ndipo msewu asankha yekha.