Thumba la maliro lisagone malo amodzi

Abale a bungwe la maliro, tiyerekeze njira ziwiri zosungira K1,000,000 yathu.

Yoyamba, kukongoza mamembala yonse. Chiwongoladzanja chake n'chokoma, inde. Koma zovuta zikagwa mu Febuluwale, nthawi ya njala, okongola amalephera kubweza, bokosi ndi galimoto zikufunika tsiku lomwelo.

Yachiwiri, kugawa patatu. K300,000 ikhale pa foni ya bungwe, yotapa ngakhale usiku; ikwane maliro awiri. K400,000 ipite ku banki, pa akaunti yotsekera miyezi itatu, osayinira atatu. Mukaitapa msanga, chiwongoladzanja chimadulidwa. K300,000 yotsalayo ndiyo tikongoze, munthu mmodzi asapitirire K50,000.

Phindu lichepa, sindikubisirani. Koma awiri akathawa ndi ngongole, tataya K100,000 yokha, ndipo anamfedwa sadikira.