Pulojekitala, tivi kapena mafoni: Chingerezi cha alendo tichiike pati sewero likakhala la m'Chichewa?

Gulu lathu la zisudzo kuno ku Lusaka timasewera m'Chichewa, ndipo sitifuna kusintha, koma nthawi zina kumabwera alendo a kunja, ena a m'mabungwe ena ongodzacheza, amakhala pampando ola lathunthu akumwetulira chabe osamva kanthu. Ndiye tinayamba kumawaikira mawu a Chingerezi oti aziwerenga sewero lili mkati, masabutaito a pa siteji aja. Njira imeneyi inayambira ku Toronto mu 1983, a kampani ya opera ya ku Canada ndi amene anayamba kuwalitsa mawu pamwamba pa siteji, koma awo amaimba motsatira manotsi ndiye mzere uliwonse umadziwika nthawi yake. Ife athu ochita sewero anthu akaseka amawonjezera zawo, ena amadumpha tsamba lonse, komanso magetsi amatha kupita pakati pa sewero. Pa zinthu ziwirizi, wosewera kuchoka mu sikiripiti ndi magetsi kuzima, ndi pamene ine ndinayesera njira zitatu zomwe tagwiritsapo ntchito.

Ndiyambe ndi tivi chifukwa ndi imene aliyense amayamba kuganiza, ili kale kunyumba, mwangoinyamula, waya wa HDMI ku laputopu basi. Ubwino wake ndi weniweni. Imawala yokha ndiye malayiti a siteji saifooketsa, imadya magetsi ochepa moti ka invata kamaikwanitsa, ndipo magetsi akabwerera imayaka pa masekondi ochepa. Vuto ndi kukula kwa zilembo, ndipo apa tiwerengere limodzi. Ine ndimatenga mtunda wochoka pa sikirini kufika pa mpando womaliza nkugawa ndi 200, chomwe chatuluka ndiye kutalika kwa chilembo chachikulu. Holo yomwe tinaseweramo ku Chilenje mpando womaliza unali pa mamita 15, ndiye chilembo chimafunika masentimita 7 ndi theka. Chilembo chotalika choncho m'lifupi chimadya pafupifupi masentimita 5 mukaphatikiza mipata. Tivi ya mainchesi 55 m'lifupi mwake ndi masentimita 122 kapena pafupi pamenepo, kutanthauza kuti mzere umodzi mumalowa zilembo 24 basi. Mzere wabwino wa masabutaito umafika zilembo 35 mpaka 40, ndiye pa tivi mumakakamizika kudula chiganizo katatu kanayi kapena kuchepetsa zilembo, mukachepetsa a kumbuyo aja ayamba kutsinzinira maso. Chinanso tivi simungaipachike bwino pamwamba pakati, imathera pambali pa siteji, ndipo munthu amakhala akutembenuza khosi uku ndi uku, akamawerenga nkhope ya wosewera sakuiona.

Komabe tivi ine sindiitaya. Ngati alendo ali 10 kapena 15 ndipo mungathe kuwasungira mipando mbali imodzi, mizere inayi yoyamba pafupi ndi tiviyo, mtunda umatsika kufika mamita 6, chilembo cha masentimita 3 chimakwanira ndipo mzere wa zilembo 40 umalowa bwinobwino. Kungoti muwauziretu pakhomo kuti mukhale uku, apo ayi amamwazikana holo yonse.

Mafoni ndi amene achinyamata a m'gulu amakonda. Mawu amachoka pa laputopu kudzera pa wayifayi nkumaoneka pa foni ya munthu aliyense, amene safuna Chingerezi sakuchiona nkomwe, ndipo mutha kuika zilankhulo ziwiri, wina Chingerezi wina Chifalansa. Magetsi akapita laputopu ili ndi batire, ka rauta kali pa pawabanki, mawu akupitabe. Tinayesa kamodzi ndipo zinagwira, koma ine ndinali kumbuyo ndikuona mitu. Yonse yoweramira pansi. Mayi wathu amene amasewera ngati apongozi ali ndi pamene amangokhala chete nkumuyang'ana mkamwini kuyambira kumapazi mpaka kumutu, holo yonse imafa ndi kuseka, alendo aja anaphonya chifukwa amadikira mawu pa foni pomwe panalibe mawu. Onjezani kuwala kwa mafoni mu mdima, mauthenga akulowa, wina foni yatha moto, wina sakutha kulumikiza ndipo akufuna thandizo sewero litayamba kale. Pabwalo la panja kapena masana, pamene palibe popachika kanthu, mafoni ndi njira yokhayo yomwe ingagwire. M'holo ine ayi.

Pulojekitala ndi imene ndinakhazikikapo ngakhale ndi yovuta kuposa zonse kuikonza. Mwa masamu omwe aja, zilembo 40 za masentimita 5 zikufuna mamita 2, ndiye tinadula pulayiwudi ya mamita 2 ndi theka m'litali, theka la mita m'lifupi, nkuipaka penti yotuwa osati yoyera, chifukwa yoyera imagwira kuwala kwa malayiti a siteji ndipo mawu amazimirira. Tinaipachika pakati, pamwamba pang'ono chabe pa mitu ya osewera. Ichi nchofunika, mukaikweza kwambiri a kutsogolo amathyoka khosi, cholinga nchakuti diso liziyenda pang'ono kuchoka pa mawu kufika pa nkhope. Zilembo zoyera, kumbuyo kwakuda. Koma dziwani kuti pulojekitala sitha kuwalitsa mdima, chakuda chake chimakhala chotuwira, ndiye pamene siteji yonse yazimitsidwa mumaona chibokosi chotuwa pakhoma chikuwononga mdima wanu. Ife tinaika chotchinga patsogolo pa galasi lake, motalikirako kuti chisatenthe ndipo osatseka mabowo a mpweya, nkusiya kampata kongokwanira thabwa lija. Ya malumeni 3000 ya mu ofesi imagwira ngati a malayiti avomera kuchotsa kuwala kwawo pa thabwa, mukambirane nawo pa rihezo osati tsiku la sewero.

Kufooka kwake ndi magetsi. Ya babu imadya mawati 300 kapena kuzungulira pamenepo, ndipo ikazima mwadzidzidzi babu ali wotentha siyaka pompo, imafuna izizire kaye. Zinatichitikira, jenseti inalira pasanathe mphindi, malayiti anabwerera, osewera anapitiriza, koma thabwa linakhala lakuda kwa mphindi zingapo. Kuyambira pamenepo pulojekitala ndi laputopu timaziika pa invata yawoyawo kuyambira poyamba, osadikira kuti magetsi apite.

Manje za pulogalamu yoyendetsera mawuwo. A Mac ali ndi QLab, imene ma holo ambiri amayendetsera nyimbo ndi malayiti, ndi Glypheo imene anaipangira masabutaito enieni, mumaona mndandanda wonse wa mizere nkudina pomwe mukufuna. Nzabwino, koma zonse ziwiri ndi za Mac yokha ndipo m'gulu mwathu palibe ali nayo. Ife timagwiritsa PowerPoint, ndipo LibreOffice Impress yaulere ija imachita chimodzimodzi. Mabatani awiri ndi amene amapulumutsa. Mukadina B sikirini imada, mukadinanso mawu amabwerera. Mukalemba nambala ya silayidi nkudina Enter mumadumphira pomwepo. Ndiye ine ndimasindikiza sikiripiti ya Chichewa, pambali pa mzere uliwonse ndalemba nambala ya silayidi yake ndi bolopeni yofiira. Sewero lathu la mphindi 75 linatuluka masilayidi 620, kuphatikiza akuda opanda mawu amene ndimaika paliponse pamene pali chete, kuti mzere wakale usatsalire m'mwamba munthu atamaliza kale kulankhula.

Tsiku lina mkulu amene amasewera ngati malume anadumpha kuchoka pa 212 kukafika pa 231, nkhani yonse ya malobola anaisiya. Ndinadina B, ndinatsata ndi chala papepala mpaka ndinamupeza, ndinalemba 231, Enter, ndipo alendo anangoona mdima kwa kamphindi. Mdima ndi wabwino kuposa mawu olakwika, mukangothamangitsa masilayidi 19 pamaso pa anthu amasiya kukhulupirira thabwalo mpaka sewero kutha. Nchifukwa chake wokhala pa laputopu ayenera kukhala womva Chichewa bwinobwino, ndi Chinyanja cha m'tauni muno chomwe chosakaniza ndi Chibemba, ndipo akhale atapezeka pa marihezo osachepera atatu. Kuika nthawi yoti masilayidi azisintha okha musayese nkomwe.

Ndipo kaya mwasankha chiti, mawuwo muwafupikitse. Apongozi aja ali ndi mzere uwu: "Iwe mwana, walira mvula walira matope, unkafuna banja la m'tauni si ili, lero ukubwera kuno ndi chikwama pamutu ngati wothawa nkhondo?" Amaunena pa masekondi 7. Kuumasulira wonse liwu ndi liwu zimapitirira zilembo 130, ndipo munthu amawerenga zilembo 15 pa sekondi ngati akufulumira, ndiye masekondi onse 7 atha maso ali m'mwamba asanamalize nkomwe. Tinalemba chonchi:

```
You wanted a town marriage.
Well, rain comes with mud.
```

Zilembo 53, masekondi atatu ndi theka, otsalawo mlendo akuona nkhope ya mayiyo ndi chikwama chomwe, chimene sichifunika kuchilemba popeza chili pamutu aliyense akuchiona. Mwambi tinausiya ndi mvula yake ndi matope ake, sitinakasake mwambi wa Chingerezi wofanana nawo, chifukwa alendowo anabwera kudzamva zathu. Onaninso kuti mizere iwiriyi ndi ya zilembo 27 ndi 26, pa tivi ija ya zilembo 24 ikanaduka yonse.

Pa rihezo yomaliza mayiwo anandiitana. "Mwanawe, azungu ako aja akuseka ine ndisanafike pa mawu oseketsa, ukundibera." Amanena za malo ena pamene nthabwala ili kumapeto kwa chiganizo, ine ndinali nditaika chiganizo chonse pa silayidi imodzi, ndiye owerenga amafika kumapeto iwo akadali pakati. Ndinati pepani amayi, ndikonza usiku uno. Ndinadula masilayidi 14 otere pawiri, mbali yoseketsa payokha, ndipo ndimaidina pamene liwu lomaliza likutuluka pakamwa pawo. Manambala onse a papepala anasuntha, ndinachita kusindikizanso sikiripiti nkulembanso ndi bolopeni yofiira kuyambira pa silayidi 88 mpaka kumapeto.