Makina osunga mpata pamsewu: zomwe ndaona patatha miyezi isanu ndi itatu

Papita miyezi isanu ndi itatu chiyambire kuyendetsa galimoto yokhala ndi makina osunga liwiro ndi mpata, amene pa dashibodi amalembedwa kuti ACC. Paulendo wautali ndimafika mwendo usanatope, ndipo pamenepo ndilibe dandaulo. Chomwe chasintha n'chakuti tsopano ndikudziwa malo amene phazi langa liyenera kukhala pafupi ndi buleki ngakhale makinawo ali pantchito.

Kutsogolo kwa galimotoyi kuli rada, imene imatumiza mafunde n'kulandira amene abwerera atagunda galimoto yakutsogolo, ndipo potero imadziwa kutalika kwa mpata komanso ngati mpatawo ukuchepa kapena ukukula. Kamera ya pagalasi lakutsogolo imathandiza kuzindikira kuti chimene chaonekacho n'chiyani. Woyendetsa amasankha liwiro podina SET, kenako amasankha mpata, umene umaoneka ngati timizere pa dashibodi. Zinanditengera milungu ingapo kuti ndimvetse kuti timizereto timaimira masekondi, osati mamita. Pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, choncho mpata wa masekondi awiri ndi mamita 56, koma pa makilomita 50 pa ola mpata womwewo umatsika kufika mamita 28. Ine ndinaika pa mpata waukulu kwambiri ndipo sindinasinthenso, ngakhale kuti oyendetsa anzanga amakonda kudzalowa pamenepo ngati ndawasungira malo.

Yakutsogolo ikachepetsa liwiro pang'onopang'ono, makinawa amayamba ndi kusiya moto, kenako amagwira buleki mofatsa, ndipo amachita zimenezi bwino kuposa mwendo wanga. Koma mphamvu ya buleki imene amaloledwa kugwiritsa ntchito ili ndi malire. Pa liwiro lalikulu amachotsa mamita pafupifupi 3.5 pa sekondi pa liwirolo sekondi iliyonse, pamene munthu woponda buleki ndi mphamvu zonse pa msewu wouma amachotsa 8 kapena kuposerapo.

Kusiyana kumeneku ndinakuona m'mwezi wachinayi. Ndinkatsatira galimoto ina pa makilomita 100 pa ola, ndipo mwadzidzidzi inakhotera mumzere wina pozemba lole imene inaima panjira, patsogolo panga mamita ngati 100. M'malo mogwira buleki, galimoto yanga inayamba kuwonjezera liwiro, chifukwa ndinali nditaika 110 ndipo kwa makinawo njira inali itatseguka. Rada imalandira mafunde ochokera ku zikwangwani, milatho ndi zitsulo za m'mbali mwa msewu, ndipo kuti galimoto isamaime chifukwa cha chilichonse, makinawa anapangidwa kuti pa liwiro lalikulu azikayikira zinthu zimene sanazionepo zikuyenda. Lole yoima imagwera m'gulu lomwelo. Ngakhale akanaiona nthawi yomweyo, ndi buleki yawo yofatsayo akanafunika mamita pafupifupi 110 kuti aime. Ine ndinataya mamita ngati 28 pa sekondi imene ndinazindikira ngoziyo, ndi enanso pafupifupi 50 ndikuponda buleki, ndipo ndinaima patatsala malo okwana galimoto zinayi. Galimotoyi ilinso ndi buleki yangozi yodzigwira yokha, koma imeneyo imagwira mochedwa, ndipo pa liwiro ngati ili kawirikawiri imangochepetsa mphamvu ya kugundako.

Kuchokera tsiku limenelo chizindikiro chimene ndimadalira ndi kachithunzi ka galimoto ka pa dashibodi, kamene kamaoneka makinawo akagwira galimoto yoti aitsatire. Ngati maso anga akuona galimoto kutsogolo koma kachithunziko kazima, ndimaponda buleki osadikira belu lochenjeza. Kamazimanso pokhota pakuthwa, chifukwa rada imayang'ana molunjika pamene msewu wapindika, ndipo galimoto imafuna kuthamanga pamalo poyenera kuchepetsa. Njinga yamoto yoyenda m'mphepete mwa mzere, kapena galimoto yolowa pafupi kwambiri, makinawo amachedwa kuigwira. Pa mvula yamphamvu ndi pa chifunga ndimangowazimitsa, pakuti sadziwa kuti msewu ukuterera, ndipo matope akamata pa rada makinawo amalemba uthenga n'kusiya okha.

Pali chinthu china chimene ndinachedwa kuchidziwa. Kuponda buleki kapena kudina CANCEL kumaimitsa makinawa mpaka mutadina SET kapena RES, batani lowayambitsanso, koma kuponda moto sikuwazimitsa ayi. Amangokupatsani ulamuliro kwa kanthawi, ndipo nthawi yonse imene phazi lili pa moto sagwira buleki kuti asunge mpata, ngakhale mwangoligoneka pamenepo mosadziwa. Podina RES ndimayambanso ndayang'ana nambala imene yasungidwa, chifukwa galimoto imabwerera ku liwiro lakale la pamsewu waukulu ngakhale mutalowa kale m'kanjira kopapatiza.