Nyenyezi ziwiri pa zisanu: kiyi anagwira, koma patatha milungu isanu gemu inachotsedwa

Ndagula makiyi a magemu, zilembo ndi manambala amene mumalowetsa kuti gemu ya pa kompyuta ikhale yanu, katatu pa msika wina wa pa intaneti wogulitsa makiyi, ndipo ndemangayi ndadikira miyezi itatu ndisanailembe. Ndinachita kudikira dala, chifukwa vuto lalikulu la makiyi otchipa silionekera tsiku logula.

Choyamba kudziwa n'chakuti eni msikawu sagulitsa kanthu. Zili ngati mumsika wa kaunjika: malo ndi amodzi, koma benchi iliyonse ili ndi mwini wake, ndipo gemu imodzi mutha kuipeza kwa ogulitsa 20 pa mitengo yosiyana. Kumene aliyense anatenga makiyi ake sakuuzani.

Ulendo woyamba zinayenda bwino. Inali gemu yakale ya madola 4, kiyi anabwera pa imelo pasanathe mphindi zisanu, ndipo mpaka lero ndikusewera. Wachiwiri, nditalowetsa kiyi pa Steam, pulogalamu yogulira ndi kusewerera magemu pa kompyuta, podzera pa Activate a Product on Steam, panatuluka uthenga wakuti Duplicate Product Code, kutanthauza kuti wina anamugwiritsa kale ntchito pa akaunti ina. Wogulitsa anayamba kukana, akuti ndamulowetsa ndekha kenako ndikufuna ndalama. Chinandipulumutsa n'chakuti mng'ono wanga ankajambula sikirini ndi foni kuyambira pamene ndinkatsegula imelo mpaka pamene uthengawo unatuluka, nthawi ikuoneka pakona. Nditatumiza vidiyoyo, ndalama zinabwera patatha masiku 9, ngakhale anaziika mu akaunti yanga ya pamsika pomwepo osati pa khadi. Apa ndiwayamike eni msika, nkhani anaiweruza mwachilungamo.

Wachitatu ndi umene wandilembetsa. Gemu ya mipikisano ya magalimoto inali itangotha mwezi chitulukireni, pa Steam ili pa madola 60. Ogulitsa ambiri pamsikapo anaiika pakati pa madola 42 ndi 48, koma mmodzi anaiika pa 19. Pambali pa dzina lake panalembedwa kuti 99 peresenti ya makasitomala anakhutira. Ndinalipira, kiyi anagwira nthawi yomweyo, ndinatsitsa magigabaiti oposa 60 usiku utatu pa bandulo ya usiku, ndipo ndinamupatsa nyenyezi zisanu tsiku lomwelo. Patatha milungu isanu, ndikutsegula Steam Loweruka m'mawa, ndinapeza chidziwitso chakuti kiyi amene ndinalowetsa wachotsedwa pa akaunti yanga. M'malo mwa batani losewerera panali batani logulira. Mafailo onse anali chikhalire mu kompyuta, koma osatseguka.

Zimayenda chonchi. Wakuba amapeza manambala a makhadi akubanki a anthu ena, n'kugula nawo makiyi ambirimbiri ku sitolo yovomerezeka pa mtengo wonse. Makiyiwo ndi enieni, n'chifukwa chake amagwira. Popeza iye sanatulutse ndalama yake, mtengo uliwonse kwa iye ndi phindu, chachikulu agulitse msanga. Mwini khadi akadzaona ndalama zikusowa amadandaula kubanki, banki imabweza malipirowo, ndipo kampani yopanga gemuyo imathimitsa makiyi onse amene anagulidwa ndi khadilo. Zimenezi zimatenga milungu, nthawi zina miyezi. Si zachilendo ayi: mu Januwale 2015 kampani ya Ubisoft inathimitsa makiyi a Far Cry 4 amene anagulidwa ndi makhadi obedwa n'kugulitsidwanso pa misika ngati uno. Anthu atadandaula kwambiri inabwezera gemuyo kwa amene anali atayamba kale kusewera, koma chifundo choterocho sichichitika kawirikawiri.

Nditabwerera pa tsamba la wogulitsa uja ndinapeza atatseka. Eni msika anandiyankha mwaulemu, koma anati nthawi yodandaulira inatha ndipo ndinatsimikiza ndekha kuti katundu ndinalandira. A Steam nawo sabweza ndalama za kiyi wogula kwina. Lamulo lawo la masiku 14, ngati simunasewere kupitirira maola awiri, limakhudza zimene mwagula kwa iwo.

Chimene chimandipweteka n'chakuti nyenyezi zanga zisanu zija zinathandiza kukopa ena. Apa ndi pamene 99 peresenti ija imasocheretsa: anthu amalemba ndemanga kiyi akangogwira, ndipo amene gemu yawachokera patatha mwezi sapezanso polemba. Ndiye musamangoona peresenti. Tsegulani ndemangazo muone zinthu ziwiri: wogulitsayo wakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo anthu akumuyamikira pa katundu wanji. Wanga uja, ndikukumbukira bwino, anali ndi miyezi iwiri yokha, ndipo ndemanga zake pafupifupi zonse zinali za timagemu ta masenti 30 kapena 50. Anadzipangira mbiri ndi zinthu zotchipa, kenako n'kutulutsa katundu wodula wakuba.

Pa mtengo napo pali njira yoyezera. Tsamba la IsThereAnyDeal limaonetsa mitengo ya masitolo ovomerezeka, monga Humble Bundle, Fanatical ndi Green Man Gaming, komanso mtengo wotsikitsitsa umene gemuyo inafikapo. Gemu yakale kutchipa kwambiri n'zomveka, chifukwa anthu amatsala ndi makiyi a m'mitolo ya magemu ogulitsidwa pamodzi motsika mtengo. Koma gemu ya mwezi umodzi imene sitolo yovomerezeka sinaitsitsepo kufika pa madola 45, munthu wamba angaipeze kuti yoti agulitse pa 19 n'kupindulapo?

Werenganinso mutu wa malondawo mpaka kumapeto, chifukwa pamsika uno mawu ofunika amawaika kothera. Ngati palembedwa Steam Key, mulandira kiyi, amene nthawi zambiri amakhala zilembo ndi manambala 15 m'magulu atatu. Ngati palembedwa Steam Account kapena Offline Activation, si kiyi: akupatsani dzina ndi mawu achinsinsi a akaunti ya munthu wina, imene mwina akugawana anthu ambiri, ndipo mwini wake atha kuilanda tsiku lililonse. Malamulo a Steam saloleza kugulitsa akaunti, ndiye mulibe kokadandaula. Onaninso dera. Ife a ku Malawi kiyi wolembedwa Global ndiye wosadetsa nkhawa. Wolembedwa EU, LATAM kapena RU/CIS, kutanthauza wa ku Ulaya, wa ku Latin America kapena wa ku Russia ndi maiko oyandikana nalo, atha kukana. Wogulitsa akakuuzani kuti muyatse VPN kuti agwire, musiyeni, chifukwa kubisa dziko limene muli n'kuphwanya malamulo a Steam ndipo akaunti yanu yonse ikhala pachiswe.

Mnzanga wa ku Ndirande, amene khadi lake limakana kulipira kunja, anakopeka ndi wogulitsa wina amene anamuitanira pa WhatsApp kuti amutsitsira mtengo akatumiza ndalama pafoni. Anatumiza, nambala ija inazima, ndipo eni msika anati malonda ochitikira kunja kwa tsamba lawo sakuwadziwa. Pamenepa sindingawaimbe mlandu.

Nyenyezi ziwirizi ndapereka chifukwa cha kiyi woyamba ndi ndalama zimene anandibwezera. Zitatu ndachotsa chifukwa amalola wogulitsa wa miyezi iwiri kuika gemu yatsopano pa mtengo woterowo popanda chenjezo, komanso amatseka madandaulo nthawi imene makiyi akuba asanayambe n'komwe kuthimitsidwa. Gemu yakale ya madola osapitirira 5 ndikhoza kudzagulanso kuno, kwa wogulitsa wa zaka zingapo, foni ikujambula. Ya magalimoto ija ndaiika pa Wishlist ya Steam, ndikudikira kuti idzatsike mtengo kumapeto kwa chaka, ndipo mafailo ake sindinafufute kuti ndisadzagulenso bandulo.