Kuwiritsa madzi kapena kuthira klorini: kusiyana kwake kuli mu mtsuko

Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino ndipo unapha anthu oposa 1,700. Chiyambire nthawi imeneyo, mvula ikangoyamba, mkangano umabuka pamjigo ndi pakiyosiki. Ena amati madzi owiritsa ndiwo odalirika chifukwa moto sunama. Ena amati Wotagadi, mankhwala a klorini othira m'madzi, ndiye wachangu. Mbali zonse ziwiri zikunena zoona, chifukwa tizilombo ta kolera ndi ta tayifodi timafa ndi moto, timafanso ndi klorini. Njira ziwirizi zimasiyana pa zimene zimachitikira madziwo pambuyo pake, akakhala m'nyumba tsiku lonse.

Kuwiritsa kuli ndi mphamvu imene klorini alibe. Moto susankha madzi, kaya oyera kaya ovunduka. Umaphanso tizilombo tina totsegula m'mimba timene klorini wa pakhomo amalephera. Koma madzi ayenera kubwata ndithu, kuchita kugudubuzika mumphika, ndipo mudikire mphindi imodzi yathunthu akubwata choncho. Tithovu tating'ono timene timayamba kuoneka pansi pa mphika si kubwata ayi. Ambiri amaphula pamenepo pofuna kusunga makala, n'kumaganiza kuti awiritsa pamene angofunditsa.

Tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi la ku Ndirande, dera limene tayifodi yakhala ikuvutitsa kwa zaka zambiri. Banjali limagwiritsa ntchito malita 20 patsiku akumwa, otsukira zipatso ndi otsukira mkamwa. Mphika wawo waukulu ndi wa malita asanu. Ndiye kuti mayi atereka kanayi pambaula, pamene mbaula yomweyo ikudikiridwa ndi nyemba komanso nsima. Akatero adikirenso maola angapo kuti madziwo azizire. Tsiku loyamba zimatheka, sabata yoyamba zimatheka. Thumba la makala likayamba kuphwa, amayamba kuwiritsa a mwana wamng'ono yekha, ena onse n'kubwerera ku madzi a pachitsime. Sindiwaimba mlandu, chifukwa njira imene banja silingaikwanitse tsiku ndi tsiku siingaliteteze.

Ngakhale atakwanitsa kuwiritsa onsewo, pali vuto lachiwiri, ndipo ili ndilo lalikulu. Madzi owiritsa akazizira amakhala opanda chowateteza. Mayi awathira mu mtsuko wakukamwa kwakukulu kuti azizire bwino. Masana mwana abwera kuchokera kuchimbudzi, osasamba m'manja, atenga kapu imene inali pansi n'kuiviika, zala zake n'kukhudza madzi. Makala onse aja apita pachabe, ndipo palibe angadziwe poyang'ana, chifukwa madziwo akuonekabe oyera ndipo sakununkha kanthu. Kolera ikhoza kuonekera patangopita maola ochepa mpaka masiku asanu, munthu n'kuyamba kutsegula m'mimba chimbudzi chonga madzi otsukira mpunga. Tayifodi ndiye imabisala sabata imodzi mpaka atatu, kenako imabwera ndi kutentha thupi ndi mutu, banja n'kumaganiza kuti ndi malungo. Pofika apo palibe amene akukumbukira za kapu ija.

Apa ndi pamene klorini amapambanira. Mu ndowa ya malita 20 ya madzi oyera mumathira kachitsekerero kamodzi ka Wotagadi, kuvundula ndi chinthu choyera kapena kukhutchumula chigubu, kuvindikira, n'kudikira mphindi 30. Mphindi zimenezi musazidule, ndi nthawi imene mankhwalawa amafuna kuti amalize ntchito. Akamaliza, klorini pang'ono amatsalira m'madzimo ndipo amapitiriza kupha tizilombo tolowa pambuyo pake, pafupifupi tsiku lathunthu ngati ndowa ili yovindikira. Fungo lija anthu amadana nalo ndi umboni wakuti mlonda adakalipo. Ikatha theka la ola, madzi azimveka kafungo ka klorini pang'ono. Ngati palibiretu, mwina mankhwala anasukuluka kapena madziwo ndi akuda kuposa mmene mumaganizira.

Klorini naye ali ndi pomwe amagonja. Nthawi ya dzinja madzi a m'chitsime chosatetezedwa amabwera ndi matope, ndipo matopewo amamudya klorini asanafike pa tizilombo. Madzi otere muyambe mwawasiya kuti matope akhazikike pansi, mutsanulire a pamwamba m'ndowa ina kudzera pansalu yoyera yopindidwa kangapo, kenako muthire titsekerero tiwiri m'malo mwa kamodzi. Kusefa pansalu pakokha sikupha tizilombo, kumangokonzera klorini njira. Nkhani ina ndi ya klorini wosungunula kale amene alangizi a zaumoyo amagawa m'mabotolo nthawi ya mliri. Ameneyu muyezo wake si wofanana ndi wa Wotagadi, choncho funsani mlangizi muyezo wa ndowa yanu ndipo muulembe pabotolo. Amathanso mphamvu msanga akakhala padzuwa kapena m'botolo losatseka bwino. Botolo limene lakhala pawindo kuyambira chaka chatha musalidalire. Ndipo musathire mongoyerekeza ndi maso. Mukachulutsa, madzi amawawa, ana amawakana n'kukamwa kwa aneba. Mukachepetsa, mwangodzinamiza.

Ndiye posungira. Mtsuko ndimaukonda chifukwa madzi ake amazizira bwino ngakhale mu Okutobala, koma kukamwa kwake kumalola dzanja kulowa. Amene sakufuna kuusiya agwiritse ntchito makapu awiri: imodzi ya chogwirira chachitali yotungira basi, yopachikidwa pamsomali, ina yomwera. Njirayi imagwira ntchito m'nyumba ya akuluakulu okhaokha. Pakhomo pa ana ambiri ndi alendo, posakhalitsa makapu aja amasanduka imodzi. Chigubu chili bwino chifukwa dzanja sililowa, madzi amachita kutsanulidwa, koma m'kati mwake ndi movuta kutsuka ndipo ndere zimamera osaziona. Muzichikhutchumula ndi madzi a sopo, kutsukuluza bwino, kenako ndi madzi a klorini. Pa zonsezi, ndowa ya chivindikiro ndi kampopi m'munsi ndiyo ndimaiika patsogolo. Imatsukika mosavuta, ndipo mwana amatunga yekha osakhudza madzi. Muiike pampando kapena patebulo, osati pansi pofika nkhuku ndi ana okwawa, ndipo musaisandutsenso ndowa yochapira.

Banja la ku Ndirande lija ndingalilangize kuti madzi a tsiku ndi tsiku lizithira klorini m'mawa uliwonse mu ndowa ya mpopi, otsala a dzulo apite kotsukira mbale, ndowa itsukidwe asanathiremo ena. Osasakaniza madzi atsopano ndi othiridwa kale, chifukwa klorini wotsalira uja sangakwanire onse. Madzi a pamjigo kapena pakiyosiki nawonso athiridwe nthawi ya mliri, popeza ngakhale atatuluka abwino, ndowa yotungira, masamba oika pamwamba kuti asatayike ndi zala zogwira m'mphepete posenza zimawaipitsa asanafike pakhomo. Kuwiritsa akusungire madzi opangira chakudya cha khanda, madzi a munthu wodwala kwambiri, ndi tsiku limene klorini watha. Tsiku limenelo madzi azizirire mumphika momwe abwatiramo, chivindikiro chili pamwamba, ndipo potunga achite kutsanulira mukapu. Wina akayamba kutsegula m'mimba, Thanzi wake asungunulidwe m'lita imodzi ya madzi otetezedwa omwewa, azimwa ali panjira yopita kuchipatala.